Foni ikuti mawa, shehe akuti mkuja: Muharamu ayamba liti, Ashura igwa liti?

Abiti Saidi (Chinamwali): Asalamu alaikumu abale ndi alongo. Ndithandizeni. Kalendala yopachika pakhoma ikunena tsiku lake la 1 Muharamu, foni ikunenanso lina, kusiyana tsiku limodzi. Ndikufuna kumanga swaumu ya Ashura koma sindikufuna kuiphonya. Nditsate iti?

Che Amidu: Wa alaikumu salamu. Tsatirani foni, mayi. Kalendala imene ili m'foni ndi ya ku Maka, ndipo Hija yangotha kumene inachitikira komweko. Iwo sangalakwitse mwezi.

Mwalimu wa ku Songani: Wa alaikumu salamu. Che Amidu mwanena zoona pang'ono, mafoni ambiri amatengadi kalendala ya ku Saudiya. Koma funso la Abiti lisayambire pa foni. Liyambire pa tsiku limene mzikiti wawo unaswali Idi ya nsembe.

Idi ija imagwa pa 10 Zul Hija, mwezi wotsiriza wa chaka. Mwezi wachisilamu sukhala wochepera masiku 29, supitiriranso masiku 30. Choncho mukawerenga masiku 19 kuchokera pa tsiku la Idi, mwafika pa 29 Zul Hija, ndipo madzulo a tsiku limenelo, dzuwa likangolowa, ndi pamene anthu amatuluka kukayang'ana mwezi. Ukaoneka, chaka chatsopano chalowa nthawi yomweyo ya Magharibi, ndipo kukacha ndi 1 Muharamu. Ukapanda kuoneka, Zul Hija timamukwaniritsa masiku 30, 1 Muharamu n'kukhala mkuja. Palibe njira yachitatu. Ngakhale mitambo itatseka kumwamba sabata yonse, tsiku la 31 kulibe.

Apa pali chinthu chosavuta kusunga m'mutu. Idi ndi pa 10, Ashura ndi pa 10 mwezi wotsatira. Ndiye Ashura imagwa patatha masiku 29 kapena 30 chichitikire Idi. Wina akakutumizirani tsiku limene lili kunja kwa masiku awiri amenewa, pali pamene palakwika.

Abiti Saidi (Chinamwali): Zikomo amwalimu. Koma masiku 19 amenewo ndiyambe kuwerenga pa tsiku la Idi lenilenilo kapena tsiku lotsatira? Pamenepo ndi pamene ndimasokonezeka.

Mwalimu wa ku Songani: Tsiku la Idi musaliwerenge. Lotsatira lake ndilo loyamba. Tiyeni titenge chaka cha 2024, mudzionere nokha.

Ku Saudiya Idi inali Lamulungu pa 16 Juni. M'maiko ena ambiri inali Lolemba pa 17 Juni. Tengani amene anaswali pa 17. Juni ali ndi masiku 30, ndiye kuchokera pa 17 kukafika pa 30 ndi masiku 13. Atsala 6 kuti akwane 19. Mwafika pa 6 Julayi, Loweruka. Limenelo ndilo linali 29 Zul Hija kwa iwo, ndipo madzulo ake anali oyang'ana mwezi.

Tsopano njira ziwiri zija. Mwezi ukanaoneka Loweruka limenelo, 1 Muharamu 1446 akanakhala Lamulungu pa 7 Julayi, Ashura Lachiwiri pa 16 Julayi. Popanda kuoneka, Lamulungu likhala 30 Zul Hija, 1 Muharamu Lolemba pa 8, Ashura Lachitatu pa 17. N'chifukwa chake chaka chimenecho munamva ena akuti Ashura ndi pa 16, ena pa 17. Sikuti wina anali wosadziwa kuwerenga ayi.

Onaninso apa: kuchoka pa 7 kufika pa 16 ndi masiku 9, osati 10. Anthu ambiri amagwera pamenepa. Amamva kuti Ashura ndi tsiku lakhumi, n'kuwonjezera 10 pa tsiku loyamba, mapeto ake amamanga pa 11 Muharamu akuganiza kuti ndi pa 10. Ngati masamu akukuvutani, gwiritsani masiku a sabata. Muharamu akayamba Lamulungu, Lamulungu linalo ndi pa 8, Lolemba pa 9, Lachiwiri pa 10.

Mayi a Hawa: Ine ndinamva kuti Muharamu nthawi zonse amakhala ndi masiku 30, Safari 29, kumangosinthana choncho mpaka chaka chithe. Ndiye Zul Hija ndi 29 basi. Bwanji osangotsata zimenezo, m'malo movutika ndi kuzizira kwa Juni kumayang'ana kumwamba?

Che Jafali wa masamu: Mayi, kalendala imeneyo ilipodi, simunamve zabodza. Ndi ya masamu okhaokha. Miyezi imasinthana 30, 29, 30, 29, chaka n'kukwana masiku 354, ndipo pa zaka 30 zilizonse, zaka 11 zimawonjezeredwa tsiku limodzi pa Zul Hija kuti zikhale 355. Anaikonza choncho chifukwa mwezi wa kumwambawu umatenga pafupifupi masiku 29 ndi theka kuti ubwerere pamene unali. Imathandiza polemba mbiri ndi posindikiza makalendala chaka chisanayambe. Ikhoza kukhala imene ili pakhoma pa Abiti.

Vuto lake ndi lakuti mwezi weniweni suyenda mwa ndondomeko yosalala chotero. Nthawi zina umafulumira, nthawi zina umachedwa. Miyezi iwiri kapena itatu yotsatizana ikhoza kukhala ya masiku 30, kapena ya 29. Ndiye kalendala ya masamu imatha kusemphana ndi kumwamba ndi tsiku limodzi, nthawi zina awiri. Ya pakhoma muziitenga ngati yokuuzani sabata imene muyenera kutchera khutu, osati tsiku lomanga.

Che Amidu: Chabwino, ya pakhoma tiisiye. Nanga ya m'foni yalakwa chiyani? Mesa imeneyo ndi ya boma la Saudiya?

Che Jafali wa masamu: Lowani m'pulogalamu yanu ya nthawi za swala, pamene pali zosintha kalendala, nthawi zambiri mupeza palembedwa Umm al-Qura. Imeneyo ndi kalendala ya boma la Saudiya, ndipo inawerengedweratu zaka zambiri zam'tsogolo. Siyembekeza kuti munthu aone mwezi. Imangofunsa mafunso awiri pa tsiku la 29. Kodi mwezi wabadwa dzuwa lisanalowe ku Maka? Kodi mwezi ukulowa pambuyo pa dzuwa, ngakhale ndi mphindi imodzi? Onse awiri akakhala inde, mawa lake amalemba tsiku loyamba.

Kubadwa kumene tikunenaku ndi nthawi imene mwezi wadutsa pakati pa dziko ndi dzuwa, pamene akuluakulu amati mwezi uli kumdima. Nthawi imeneyo palibe chooneka. Kubadwa ndi kwina, kuoneka ndi kwina, ndipo pakati pake pamadutsa maola ambiri.

Chaka cha 2025 chikuonetsa bwino. Mwezi unabadwa Lachitatu pa 25 Juni, cha m'ma 12:30 masana pa nthawi yathu. Kuno ku Zomba nyengo imeneyo dzuwa limalowa cha m'ma 5:20. Mwezi unali usanakwanitse ndi maola asanu omwe. Palibe diso la munthu limene lingaone mwezi wa maola asanu. Ngakhale akatswiri a maso akuthwa, ali pa phiri kumwamba kuli mbee, saona mwezi wosakwana maola pafupifupi 15, ndipo ife wamba timauona bwino ukapitirira maola 20. Koma mafunso awiri aja anayankhidwa inde, ndiye foni inalemba 1 Muharamu 1447 Lachinayi pa 26 Juni, Ashura Loweruka pa 5 Julayi. Amene amadikira kuona ndi maso anatuluka Lachinayi madzulo, mwezi uli ndi maola pafupifupi 29, ndipo kwa iwo chaka chinayamba Lachisanu pa 27 Juni, Ashura Lamulungu pa 6 Julayi.

N'chifukwa chake foni nthawi zambiri imatsogola ndi tsiku limodzi. Kawirikawiri siitsalira m'mbuyo. Mapulogalamu ambiri ali ndi malo owonjezera kapena kuchotsera tsiku, mumaona +1 kapena -1. Chilengezo chikatuluka, konzani pamenepo kuti foni igwirizane ndi mzikiti wanu, ndipo mwezi wotsatira mudzayang'anenso, chifukwa kusiyanako sikukhala kofanana mwezi uliwonse.

Bambo a Idrisa (Matawale): Za kuyang'ana mweziko ndili ndi funso. Tinauona m'mawa popita ku swala ya Subuhi, kachikwakwa kakang'ono pamwamba pa mbali ya ku Chilwa. Kodi umenewo suwerengedwa? Mesa ndi mwezi womwewo?

Che Jafali wa masamu: Ndi mwezi womwewo, bambo, koma wokalamba, ukupita kukafa. Kachikwakwa kooneka kum'mawa m'bandakucha ndi ka kumapeto kwa mwezi. Katsopano kamaoneka kumadzulo, dzuwa litangolowa, pafupi ndi pamene lalowerapo. Ndipo ngati mwakaona kum'mawa lero m'mawa, musavutike kukayang'ana kumadzulo lero lomwe. Mwezi sungaoneke ndi maso mbali zonse ziwiri tsiku limodzi. Uyenera uyambe wasowa, kawirikawiri masiku awiri kapena kuposerapo.

Shehe wa ku Chingale: Asalamu alaikumu. Ndawerenga zonse. Ndionjezere za malo, chifukwa inu a m'tauni phiri limakupusitsani.

Miyezi ya Juni ndi Julayi dzuwa sililowa kumadzulo kwenikweni. Limapendekera kumpoto, ndiye mukayang'ana kumadzulo limalowera cha kudzanja lamanja. Kwa munthu amene ali kumsika wa Zomba, ku Chinamwali, kapena m'mbali mwa msewu wa ku Domasi ndi Malosa, mbali imeneyo ndi kumene kuli phiri. Dzuwa limabisala kuseri kwa phiri nthawi ya Magharibi isanakwane, ndipo mwezi wa tsiku loyamba, umene umakhala pansi kwambiri, umatsatira konko kumwamba kusanade mokwanira kuti uoneke. Munthu n'kubwera kudzanena kuti mwezi sunaoneke, pamene iye amayang'ana thanthwe.

Malo abwino ndi amene kumadzulo kwake kuli poyera mpaka pansi. Kuno kuseri kwa phiri, tikayang'ana ku chigwa cha Shire, tili ndi mwayi umenewo. Kapena mutalikirane nalo phiri, mbali ya ku Jali kapena ku Kachulu, kumene limaoneka lalifupi, koma muime pamene silikutchinga polowera dzuwa. Pitani dzulo lake mukaone pamene dzuwa likulowera, muike chizindikiro, kaya mtengo wa mango kaya nsonga ya denga.

Tsiku lenilenilo fikani dzuwa lisanalowe. Likalowa, tambasulani mkono, mufumbate chibakera, pansi pa chibakeracho pagunde pamene dziko lathera. Chibakera chimodzi ndi madigiri pafupifupi 10. Mwezi wa tsiku loyamba umakhala m'kati mwa chibakera chimodzi kapena chimodzi ndi theka pamwamba pa polowera dzuwa, nthawi zina chakumanja pang'ono, nthawi zina chakumanzere. Musauyang'ane pamutu. Nthawi yabwino imayamba patatha mphindi 15 dzuwa litalowa, mpaka mphindi 30 kapena 40. Mukafulumira, kuwala kumauphimba. Mukachedwa, walowa. N'chifukwa chake oyang'ana ndi bwino aswali Magharibi pamalo pomwepo, mosachedwa, m'malo mobwerera kumzikiti.

Umaoneka ngati kaulusi koyera kopindika, ngati chikhadabo chimene mwawenga. Mimba yake yowala imaloza kumene dzuwa lalowera, nyanga zake zimaloza kumwamba kapena chammbali, kuthawa dzuwa. Kuno kwathu umakhala ngati kabwato kapena kambale kopendekeka. Munthu akanena kuti nyanga zimaloza pansi, sanaone mwezi.

Mayi a Hawa: Ashehe, nanga zimene zimanamiza anthu ndi ziti? Chifukwa chaka ndi chaka pamakhala wina wolumbira kuti wauona ena onse osauona.

Shehe wa ku Chingale: Ambiri sanama dala, mayi. Maso akafunitsitsa chinthu amachipanga okha. Kamtambo kopyapyala kamene dzuwa likukawalira kuchokera pansi kamapindika ngati mwezi. Utsi wa ndege umachitanso chimodzimodzi. Palinso nyenyezi yowala kwambiri ija imene makolo ankati mkazi wa mwezi, imene miyezi ina imaoneka kumadzulo. Mu mpweya wa fumbi imatha kuoneka yotambalala.

Poyesa, chotsani maso, muyang'ane pansi, kenako mubwererenso. Mwezi weniweni muupeza pomwepo, ndipo mukhoza kuulozera mnzanu naye n'kuuona. Mukaudikira mphindi zisanu, ukutsika pang'onopang'ono osasintha maonekedwe. Mtambo umasungunuka kapena kusuntha chammbali. Wolandira umboni afunse nthawi, afunse kuti unali kumanja kapena kumanzere kwa polowera dzuwa, kutalika kwake, ndi kumene nyanga zinaloza. Pa miyezi ina yonse kupatula kuyamba kwa Ramazani, maulama ambiri amafuna mboni ziwiri zokhulupirika, ndipo Muharamu ali m'gulu limenelo. Mukauona musathamangire kufalitsa pa magulu. Uzani imamu wanu, iye apereke kwa akuluakulu amene amalengeza, ife tonse timve chilengezo chimodzi, kaya kumzikiti kaya pa Radio Islam.

Amene muli ndi magalasi oonera patali, musawaloze kumadzulo dzuwa lisanalowe lonse. Diso limapsa nthawi yomweyo.

Che Amidu: Koma ashehe, Juni ndi Julayi ndi nthawi ya chiperoni. Zomba yense amakhala mu nkhungu masiku atatu. Ndiye tizingokwaniritsa 30 chaka chilichonse pamene anzathu auona? Ine ndikuona kuti dziko ndi limodzi, mwezi ndi umodzi. Ukaoneka ku Saudiya waoneka basi.

Shehe wa ku Chingale: Chiperoni cha ku Zomba sichitseka Malawi yense. Kuno kukhoza kukhala nkhungu, ku Mangochi, ku Salima kapena ku Nkhotakota kuli mbee. Umboni wa kumeneko ndi wathu. Tikamati sunaoneke, tikutanthauza kuti palibe umboni wolandirika umene wafika, osati kuti ine pakhomo panga sindinauone.

Za kutsatira dziko lakutali, imeneyo ndi nkhani imene maulama anasiyana kalekale. Ena amati ukaoneka malo amodzi, onse amene uthenga wawafika atsatire. Ena, makamaka a Shafii, amati dera lililonse lotalikirana ndi linzake lili ndi kuona kwake. Umboni wawo ndi nkhani ya Kuraibu, amene anaona mwezi wa Ramazani ku Shamu usiku wa Lachisanu, atafika ku Madina n'kupeza kuti kumeneko anauona usiku wa Loweruka, ndipo Ibunu Abasi sanasinthe kuwerenga kwa anthu a ku Madina. Ine ndili mbali imeneyi. Koma sindinganene kuti wotsatira mbali inayo swaumu yake yaonongeka.

Che Amidu: Ine pamenepo sindinakhutire. Nthawi imeneyo uthenga unkayenda pa ngamira, lero ukufika mphindi yomweyo.

Che Jafali wa masamu: Mfundo yanu ili ndi eni ake, Che Amidu, simuli nokha. Kungoti musiyanitse zinthu ziwiri. Kutsatira umboni wa anthu amene aona mwezi kunja ndi nkhani ina. Kutsatira tsiku limene foni inalemba kale zaka zapitazo ndi nkhani inanso, chifukwa pamenepo palibe amene waona kanthu.

Bambo a Idrisa (Matawale): Nanga ukaoneka waukulu, uli pamwamba ndithu, mpaka kuchedwa kulowa? Akuluakulu amati umenewo ndi wa masiku awiri, tinaphonya dzulo.

Che Jafali wa masamu: Kukula sikutsimikiza kanthu. Bwererani ku 2024. Mwezi unabadwa cha m'ma 1 koloko usiku, kucha kwa Loweruka pa 6 Julayi. Madzulo ake unali ndi maola pafupifupi 16, wowonda, wotsika, wovuta kwambiri kuuona kuno kummwera. Amene sanauone tsiku limenelo anauona Lamulungu uli ndi maola pafupifupi 40. Mwezi wa maola 40 ndi wonenepa, uli pamwamba, mwana aliyense akuuloza. Koma kwa iwo unali usiku woyamba ndithu. Tsiku lililonse mwezi umakwera kuposa chibakera chimodzi ndipo umachedwa kulowa ndi mphindi pafupifupi 50, ndiye kuphonya pang'ono dzulo kumabweretsa mwezi waukulu lero.

Abiti Saidi (Chinamwali): Ndamva tsopano. Funso lomaliza. Tiyerekeze kuti mzikiti wa kwathu ukuti Lachitatu, achibale a ku Limbe akuti Lachiwiri, ine mtima sukukhazikika. Ndimange liti? Ndipo dakwi ndidye usiku uti? Chaka china ndinamva kuti usiku wa Ashura ndi lero, ine n'kumanga tsiku lolakwika.

Mwalimu wa ku Songani: Tiyambe ndi usikuwo. Kwa ife tsiku limayamba pa Magharibi, usiku umatsogola, usana umatsatira. Ashura ikakhala Lachitatu, usiku wake ndi umene umayamba Lachiwiri dzuwa likalowa. Dakwi mudya m'bandakucha wa Lachitatu, mumanga usana wa Lachitatu, mumasula pa Magharibi a Lachitatu, ndipo nthawi imeneyo 11 Muharamu walowa. Mapulogalamu ena amasintha deti pa Magharibi, ena pakati pa usiku. Mukatsegula foni 7 koloko madzulo n'kuona 10 Muharamu, onetsetsani kaye kuti yanu imasintha nthawi yanji.

Za tsiku, choyamba tsatirani mzikiti wanu ndi chilengezo chimene mzikitiwo umatsata. Musatenge Idi ya uku, Muharamu wa uko, mudzapeza Zul Hija wa masiku 28 kapena 31. Chachiwiri, Mtumiki, swala ndi mtendere zikhale pa iye, anamanga pa 10, tsiku limene Mulungu anapulumutsa Musa kwa Firiauni, ndipo ananena kuti akakhala ndi moyo chaka chotsatira adzamanganso pa 9. Choncho sunna ndi kumanga pa 9 ndi pa 10, ndipo amene waphonya pa 9 maulama amamulola kuphatikiza pa 11.

Onani mmene zimenezi zikukuthandizirani. Mukamanga Lachiwiri ndi Lachitatu, ngati mzikiti wanu walondola mwamanga 9 ndi 10. Ngati a ku Limbe ndi amene alondola, mwamanga 10 ndi 11. Mbali zonse ziwiri Ashura ili m'kati. Amene ali ndi mphamvu ayambe Lolemba, amange masiku atatu, apeza 9 ndi 10 pa kuwerenga kulikonse. Imamu Ahmadi ankalangiza masiku atatu omwewo kuyamba kwa mwezi kukakhala kokayikitsa.

Mayi a Hawa: Nanga munthu wodwaladwala amene angakwanitse tsiku limodzi lokha?

Mwalimu wa ku Songani: Amange pa 10 pa kuwerenga kwa mzikiti wake, zakwana. A Hanafi amaona kuti kumanga pa 10 pokha sikokondeka kwenikweni, a Shafii saonapo vuto, koma onse amavomereza kuti swaumuyo ndi yolandirika. Kumbukiraninso kuti imeneyi ndi sunna, si faradhi. Amene ali pa mankhwala a tsiku ndi tsiku asadzivulaze.

Shehe wa ku Chingale: Achinyamata a ku Chinamwali ndi Matawale amene mukufuna kudzayang'ana nafe, werengani masiku 19 aja, mufike kuno 5 koloko isanakwane. Mutenge majuzi ndi mkeka woswalira, mphepo ya m'chigwa ikayamba simudzafuna kuima nthawi yaitali.